Mimba Yomwe Ndinawapatsa Alamu Anga

1

Ndiyambe ndi kuulula. Ine Tupochile, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Domasi, woimba alito m'kwaya yathu kuno ku Glasgow, ndinali ndi makhadi a taroti m'kabati ya zovala zamkati. Ofuna kuseka sekani. Ofuna kundiweruza dikirani kaye, tchimo lenileni simunalimve.

Anandiphunzitsa ndi Annette, mayi wa ku Easterhouse wophika ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Pa nthawi yopuma ankakankhira mbale uko n'kuyala makhadi patebulo, ife tamuzungulira ngati ana oonera kanema wa pa msika.

Makhadiwo alipo 78. Akuluakulu ndi 22, monga Dzuwa, Nyenyezi, Chilungamo ndi Imfa. Otsalawo ali m'mabanja anayi: zikho ndi za mumtima, ndodo ndi za ntchito ndi khama, malupanga ndi za nkhawa ndi mikangano, makobili ndi za chuma. Wofunsa amasakaniza yekha, n'kudula mulu pakati. Iwe umayala atatu chafufumimba: zakale, zalero, ndi kumene zinthu zikulowera. Ukatero umatembenuza limodzilimodzi, mukukambirana zimene chithunzicho chikumukumbutsa.

"Chithunzi ndi chokopera munthu kuti alankhule," ankatero Annette. "Koma pali zitseko zitatu zimene sutsegula: matenda, milandu, ndi imfa. Mimba nayonso ili ku matenda, wamva?"

Ndinamuona akuchita zimenezi. George, mnzathu wa ku ntchito, anabwera thukuta lili kamukamu, kufunsa ngati apilo ya viza yake ipambane. Annette anasonkhanitsa makhadi onse, n'kumulembera nambala ya loya kuseri kwa pepala la ndandanda ya zakudya.

"Ndikakuuza kuti upambana, ugona tulo, tsiku lomaliza lotumizira mapepala likudutsa. Ndikati ugonja, utaya mtima. Khadi silinawerenge fayilo yako, George. Ukachoka kwa loya ubwere, tidzayang'ane mmene ungapirire nthawi yodikirayi. Limenelo ndiye funso langa."

Ine ndinagwedeza mutu ngati womva. Mumtima ndinkati mayiyu ndi wamantha chabe.

2

Tsopano za Fryson. Kalanga ine, Fryson! Mnyamata wa ku Ntcheu, wokonza magetsi, woseka ndi mapewa omwe. Tinakumana pa siteshoni ya Hillhead ambulera yanga itatembenuka ndi mphepo, ndipo pasanathe chaka anali atagwada pa kapeti yanga ku Govanhill.

Koma pakati pa ine ndi ukwati panali achemwali ake, a Malita. Ankhoswe a kumudzi anali atanena poyera kuti sangaone mtsikana pa foni, maso awo ndi Malita. A Malitawo ankandiyang'ana ngati ndiwo zadzulo. Miyezi isanu ndi umodzi akunditchula "inu", ine ndikuwasekerera mpaka masaya kuwawa.

Loweruka lina anabwera kudzandiyendera, kapena ndinene kuti kudzandiyesa mayeso. Ndinkakazinga mandasi. Anatola limodzi, n'kuligogoda patebulo.

"Awa ndi omangira nyumba? Chokanipo apa."

Anandilanda chipande. Mafuta atawadonthera pa bulawuzi, ndinawauza kuti akatenge chitenje kuchipinda. Ndinangomva kabati ikutseguka, kenako zii. Anali atatsegula kabati ina ija.

Anatuluka atanyamula kathumba ka makhadi ndi zala ziwiri.

"Izi ndi chiyani?"

"Ndi... ndi za masewera, alamu."

"Musandinamize. Ndi zoombezera za azungu izi." Anakhala pampando, n'kuyang'ana kukhomo ngati abusa ali pamenepo. Kenako ananong'ona: "Zimagwira?"

Abale anga, ndinaona ukwati wanga ukudzuka m'manda.

3

Anafotokoza zonse. Zaka zisanu ndi ziwiri pabanja ndi a Japhet, oyendetsa basi, popanda mwana. Apongozi awo kumudzi anali atayamba kutchula maina a atsikana ena pa foni. Tsopano miyezi iwiri sanasambe, mimba ikufufuma, nseru m'mawa, kuchimbudzi pafupipafupi. Dokotala anawayeza mkodzo, n'kunena kuti si pakati, ndipo anawalembera kuti akajambulidwe m'mimba. Anandionetsa kalata ya sikaniyo. Kunatsala masabata awiri.

"Amayi athu anayamba chonchi," anatero. "Atawajambula anapeza chotupa. Sanathe chaka. Tupo, tandiyang'anire. M'mimbamu muli chiyani?"

Anati Tupo. Anati tandiyang'anire, osati tandiyang'anireni. Mawu a Annette ndinawamva ndithu, chapatali, ngati wailesi ya aneba. Ndinawapatsa makhadi kuti asakanize.

Anadula, ine ndinayala atatu. Loyamba linali Zikho Zisanu: munthu wovala zakuda akuyang'ana zikho zitatu zotayika, osaona ziwiri zimene zaima kumbuyo kwake.

"Zaka zanga izi," anatero, misozi ili lengelenge.

Lachiwiri linali Malupanga Asanu ndi Anayi: munthu wakhala tsonga pabedi, nkhope ili m'manja.

"Ndine ameneyu! Iwe, ndine ameneyu!"

Nditangogwira lachitatu, belu la utsi linayamba kulira. Mandasi! A Malita anathamangira kukhitchini, n'kuyamba kukupiza chitenje pansi pa belulo, akutukwana nyumba za kuno zosalola munthu kukazinga mwaufulu. Atabwerera ali wefuwefu, ndinatembenuza khadi lija.

Mfumukazi. Mayi wonenepa bwino atakhala pa mitsamiro m'munda wa tirigu wakucha, chisoti cha nyenyezi kumutu, diresi lotaya. Annette anandiphunzitsa kuti limanena za kulera, kukula kwa zinthu, ndi kudzisamalira. Koma a Malita anali atagwira kale pakamwa.

"Ameneyu si woyembekezera?"

"Alamu," ndinatero ine, mawu akutuluka okha, "muli ndi pakati."

"Nanga mkodzo uja?"

"Timitengo toyezera mkodzo tija timalakwitsa. Azakhali anga kanawakana kawiri, lero ali ndi mapasa."

Tinakuwa. Tinavina chioda pakati pa utsi mpaka aneba apansi anagogoda denga lawo ndi tsache. Pochoka anatulutsanso kalata ija.

"Nanga iyi?"

"Imeneyo ndi sikani ya odwala. Inu mudikire ya azamba."

Lolemba anaimba foni n'kuifafaniza.

4

Masabata asanu otsatirawo anali okoma, sindinama. Kwathu mimba salengeza isanaoneke, ndipo za makhadi zinali zosatchulika kutchalitchi, choncho chinsinsicho chinali chathu awiri. Mumpingo mwathu muli anamwino osachepera khumi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene tinamuuza. Ngakhale a Japhet ankadikiritsidwa, kuti adzamve pa tsiku lawo lobadwa.

Tinkakumana pa Victoria Road n'kumalowa m'masitolo a zakale, kukankha ngolo za ana zopanda ana, tikuseka ngati atsikana a fomu wanu. Zovala za mwana wosabadwa sagula, tonse tinkadziwa, koma timasokosi tachikasu tinatigonjetsa. A Malita anatibisa m'bokosi la nsapato. Akalakalaka dothi, tinkalipeza m'kagolosale ka Mnaijeriya. Akadandaula kuti kumanja kukulasa, ine dokotala wa ku Domasi ndinkati mwana akufuna malo.

Ndipo foni inapita ku Ntcheu. Fryson anabwera akuuluka.

"Wawadyetsa chiyani achemwali? Auza amalume kuti mtsikana ngati iwe kulibe! Chinkhoswe mu Ogasiti!"

Anandinyamula n'kundizunguza mpaka tinagwetsa nyale. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuziyo siuzidwa.

Kuntchito ndinalephera kudzigwira. Ndinamuuza Annette, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Anaika mpeni pansi.

"Wapita ku sikani?"

"Wasintha maganizo. Koma Annette, ndi Mfumukazi! Inatuluka yokha!"

"Mfumukazi inatulukirapo bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri patebulo lomweli. Nayenso anali ndi pakati? Makhadi ndi 78, lililonse limatuluka tsiku lake. Muimbire lero, umuuze kuti unalakwa."

Ndinalonjeza. Madzulo ndinatenga foni, n'kupeza uthenga wa a Malita: chithunzi cha nsalu ya chinkhoswe, pansi atalemba kuti "ya mlamu wanga". Foniyo ndinaibweza m'thumba. Ndinati ndiwauza Lamlungu. Lamlungu ndinati Lamlungu linalo.

5

Linali Lamlungu la chakudya cha pamodzi. Mapemphero atatha tinali mu holo ya tchalitchi, ana akuthamangathamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi cha kuno chosamveka chija. A Malita ankagawa mpunga. Anandiponyera diso, n'kusisita mimba mobisa. Ine ndinatsinzinira diso limodzi.

Kenako chipande chinagwa. Anapindika pakati ngati waya, n'kugwada, n'kusanza pomwepo.

Amayi a Wezzie, namwino wamkulu amenenso ndi wapampando wa Mvano, anafika msanga n'kuwagwira pamimba. A Malita anakuwa.

"Mwana wanga! Musandiphere mwana!"

A Japhet anaima ndi mwendo wa nkhuku m'manja.

"Uli ndi pakati?" anafunsa amayi a Wezzie. "Wakuyeza ndani?"

A Malita anangotembenuza maso n'kuyang'ana ine, ndipo mpingo wonse unatsatira maso awowo.

Ambulansi inabwera. Ife tinatsatira pa magalimoto atatu, monga tichitira Amalawi, n'kudzaza chipinda chodikirira. Patapita nthawi a Japhet anatuluka, nkhope itagwa. Munalibe mwana. Munali chotupa cha madzi chachikulu ngati papaya wamng'ono pa thumba la mazira la kumanja, ndipo kulemera kwake kunali kutapotokola thumbalo mpaka magazi kuleka kufikako. Anali atawalowetsa kale ku opaleshoni.

Ndinkalira mosadzigwira. Amayi a Wezzie anati tiimbe nyimbo imodzi chapansipansi. Fryson, pofuna kundithandiza, anapisa m'chikwama changa n'kutulutsa buku langa la nyimbo. Atalitsegula, kanthu kanagwa n'kutsetsereka pa simenti yosalala ija mpaka pa nsapato za amayi a Wezzie.

Linali khadi, ndipo linagwa chagada. Chigoba cha munthu chovala zankhondo zakuda, chitakwera hatchi yoyera, mbendera ili m'manja. Pansi pake dzina lake m'Chingerezi, limene aliyense anatha kuwerenga.

6

Nachi chimene sindinakuuzeni. Tsiku la mandasi lija, khadi lachitatu silinali Mfumukazi. Nditalitukula pang'ono ndinaona hatchi yoyera, ndipo nthawi yomweyo belu linalira. A Malita ali kukhitchini, ndinalikhalira, n'kutenga lapamwamba pa mulu n'kuliika pamalopo. Sindinalisankhe. Linangopezeka kuti ndi Mfumukazi. Atapita, la Imfalo ndinaliika m'buku la nyimbo kuti mwina nyimbozo ziliweta. Nyimbo ndimaimba pamtima, choncho bukulo sindinalitsegulenso.

Zimene zinachitika m'chipinda chodikirira sindizifotokoza zonse. Mayi wina anayamba malilime. Wina anati ankandikayikira kuyambira kale chifukwa cha mayendedwe anga. A Japhet anafunsa funso limodzi lokha: "Mkazi wanga wamuchita chiyani?" Fryson anali akadagwira buku lotsegula lija, akundiyang'ana ngati munthu wosamudziwa.

Ndinatola khadi langa n'kuthawira panja, poimika magalimoto. Ndinaimbira Annette.

"A Malita ali ku opaleshoni, amwalira basi! Khadi lenileni linali Imfa, ine ndinalibisa. Makhadi ananena, Annette! Ndikawauze a Japhet kuti akonzeke."

"Ukangoyerekeza, ndibwera ndikumenye ndi chiwaya," anatero. "Wamuuza kale mayiyo bodza lokoma, tsopano ukufuna ukauze mwamuna wake bodza lowawa? Liyang'ane khadilo. Kumbuyo kwa hatchi kuli chiyani?"

Ndinapukuta misozi. "Dzuwa. Pakati pa nsanja ziwiri."

"Limanena za chinthu chimene chikutha kuti china chiyambe. Ntchito, chizolowezi, mantha. Silinena za maliro, ndipo ngakhale ukanakhulupirira kuti likutero, sunayenera kutsegula pakamwa. Munthu ukamuuza tsiku la imfa, wamulanda masiku amene ali nawo. Limeneli silinadziwe za m'mimba mwake, Mfumukazinso sinadziwe. Chimene chikanadziwa ndi sikani ija."

"Ndiye ndinalakwa kusintha khadi?"

"Unalakwa usanasinthe. Unalakwa pamene unamupatsa kuti asakanize. Atakuonetsa kalata, ukanabweza makhadi m'thumba n'kumuuza kuti tsikulo mupitira limodzi."

Ndinabwerera m'kati. Palibe anandisunthira pa benchi, choncho ndinaima pafupi ndi makina a tiyi maola awiri.

7

A Malita anatuluka amoyo. Chotupacho atachiyeza sichinali khansa. Koma thumba la mazira lija linali litafa, ndipo analichotsa. Dokotala anati chikanaoneka msanga, mwina akanachotsa chotupa chokha. Anati mwina. Atafunsidwa ngati a Malita adzabereke ndi thumba lotsalalo, anati ambiri amatero, koma iye sangalonjeze. Munthu wophunzira zaka zonsezo, woti waona m'mimbamo ndi maso ake, anakana kulonjeza. Ine wa makhadi a m'kabati ya zamkati ndinali nditalonjeza osaphethira.

Chinkhoswe chinaimitsidwa. Kwaya inandipumitsa. Fryson sanandisiye, koma mapewa aja anasiya kuseka.

Patatha masabata atatu a Malita ananditumizira uthenga wa mawu awiri: "Bwera Lachinayi." Ndinawapeza atakhala pa sofa, atafunda bulangete. Ndinagwada pakhomo pomwe n'kuulula zonse, mpaka za kukhalira khadi.

"Unalikhalira?" Pakamwa pawo pananjenjemera. "Imfa unaikhalira ndi matako akowo?"

Anaseka mpaka kugwira pa bala, akundikalipira kuti ndisawaseketse. Nanenso ndinaseka, mamina ali chuchuchu. Kenako kuseka kunatha.

"Ukanandionetsa chigobacho, ndikanayamba kugawa zovala zanga," anatero. "Ku sikani sindikanapitabe. Ndinkafuna munthu woti andiuze kuti ndisapite, ndipo ndinamupeza. Mbali yanga ndikuidziwa. Koma iwe unkadziwa lamulo, Tupo. Ine sindinkalidziwa."

Anapisa pansi pa bulangete n'kutulutsa timasokosi tachikasu tija.

"Tenga. M'nyumba muno sinditifuna. Usatitaye."

Anavala jekete pang'onopang'ono. Linali tsiku lokaonetsa bala ku chipatala, ndipo a Japhet anali pa shifiti. Tinatsika masitepe limodzilimodzi, atandikolowekera mkono. Tili pa basi, anayang'ana panja nthawi yaitali, kenako anandifunsa osandiyang'ana, mawu ali ngati nthabwala koma si nthabwala.

"Ndiye akuti chiyani makhadi ako? Ndidzabereka?"

Ukwati wanga wonse unali m'manja mwa mayi ameneyu, ndipo ndinkadziwa yankho limene likanamusangalatsa. Linafika mpaka pa lilime.

"Sindikudziwa, alamu."

Anagwedeza mutu, n'kundifinya mkono. Tinatsika pa siteji ya chipatala.

8

Owerenga anzanga, ena mwa inu mukuti vuto ndi makhadiwo, ndipo sindikutsutsani, nkhani imeneyo ndikukambirana ndi abusa. Koma ndikudziwa kuti ena muli nawo m'kabati, ena mumafunsa pa foni, ena muli ndi munthu wanu amene amakuonerani zinthu. Wokuuzani zimene zili m'thupi mwanu asanakuyezeni, mmene mlandu wanu uthere asanawerenge mapepala anu, kapena tsiku limene wina adzamwalire, ameneyo muthaweni, ngakhale atakhala wokukondani. Ine a Malita ndinkawakonda ndithu, ndipo ndinkafunanso kuti andikonde. Zimenezi zinawadyera chiwalo chimene sichidzameranso.

Ankhoswe akuti tidikire chaka chamawa. Amene akuwanyengerera kuti asachedwetse ndi a Malita omwewo, ngakhale masiku ena foni yanga sayankha, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Timasokosi tija tili m'kabati, pamalo pamene pankakhala makhadi. Fryson anatipeza tsiku lina n'kundifunsa kuti ndi ta ndani. Ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa.